Kwatsala mwezi umodzi kuti ndilembe masamu a MSCE: ndiyambire mutu uti?

"Aphunzitsi, ndili mu fomu 4 pa sukulu ina yoyendera m'boma la Ntchisi, ndipo kwatsala masabata anayi kuti tiyambe mayeso a MSCE. Pa mayeso a moku ndinapeza malikisi 41 pa 100 m'masamu, koma ndikufunitsitsa kirediti. Ndikachoka kusukulu ndi kumaliza ntchito za pakhomo ndimakhala ndi ola limodzi ndi theka la masamu. Kodi ndibwereze buku la fomu 3 ndi la fomu 4 kuyambira mutu woyamba, kapena ndichite bwanji?"

Mwana wanga, mabukuwo usawayambe pa mutu woyamba. Tiwerengere limodzi nthawi imene uli nayo. Kuyambira Lolemba mpaka Lachisanu upeza maola asanu ndi awiri ndi theka, ndipo ukawonjezapo maola atatu a Loweruka, sabata imodzi ikupatsa maola khumi ndi theka, kutanthauza maola 42 m'mwezi wonse. Mitu ya masamu a fomu 3 ndi fomu 4 imapitirira makumi awiri. Ukaigawira nthawi mofanana, mutu uliwonse upeza maola awiri okha kapena ochepera apo, amene ndi ochuluka pa mutu umene ukuudziwa kale koma osakwanira pa mutu umene unakugwetsa. Ndondomeko yako ichokere pa pepala lako la moku, osati pa mndandanda wa mitu ya m'buku.

Lero lomwe tenga pepalalo, ndipo ngati linatsala kwa aphunzitsi ako, ukalipemphe. Pa funso lililonse limene unataya malikisi, lemba chifukwa chake m'mbali: mwina njira sunkaidziwa n'komwe, mwina unkaidziwa koma unaphonya pakati, mwina nthawi inatha usanafikepo. Tiyerekeze kuti mwa malikisi 59 amene unataya, 24 anapita pa mitu imene sukuidziwa, 22 pa zophonya ndipo 13 pa mafunso amene sunawafike. Pamenepo malikisi 35 ali pa zinthu zimene sizifuna kuphunzira mutu watsopano, zimangofuna kuti dzanja lizolowere ndi kufulumira. Magiredi a MSCE amayambira pa 1 kulekezera pa 9, ndipo kirediti imayambira pa 6 kukwera mpaka pa 3, choncho munthu amene ali pamene ulipo iweyo amakwera msanga potolera malikisi otayika mwa njira imeneyi kusiyana ndi kulimbana ndi mutu wovuta kwambiri m'buku.

Sabata yoyamba yonse uipereke ku alijebura, makamaka ikweshoni ya kwadiratiki, ndipo pamenepa sindikupatsa mwayi wosankha. Chifukwa chake uchiona pa mafunso atatu awa, ochokera m'mitu itatu yosiyana.

Funso loyamba likupatsa y = x + 1 ndi x² + y² = 25. Ukaika x + 1 m'malo mwa y, umapeza x² + (x + 1)² = 25, ndipo ukatsegula bulaketi ndi kusonkhanitsa zofanana zimakhala 2x² + 2x − 24 = 0. Ukagawa ndi 2 zimatsala x² + x − 12 = 0, zimene ndi (x + 4)(x − 3) = 0. Ndiye x = 3 ndi y = 4, kapena x = −4 ndi y = −3. Ophunzira ambiri amagwera pa bulaketi ija, chifukwa amalemba kuti (x + 1)² = x² + 1, kuiwala 2x wapakati. Akatero amafika pa x² = 12, ndipo munthu wozolowera akaona nambala yosatuluka bwino chotere pa funso limene silinatchule za madesimo amabwerera kukaona pamene waphonya, chifukwa mafunso otere kawirikawiri amawakonza kuti atuluke bwino.

Funso lachiwiri ndi la malogarithimu: log₂ x + log₂ (x − 2) = 3. Lamulo la malogarithimu limagwira ntchito pa mzere umodzi wokha, kukupatsa x(x − 2) = 8, ndipo kuchokera apo ndi x² − 2x − 8 = 0, mayankho ake 4 ndi −2. Yankho la −2 umalitaya, popeza nambala yochepera ziro ilibe logarithimu. Funso lachitatu ndi la AP: manambala 3, 5, 7 ndi otsatira ake, uphatikize angati kuti akwane 120? Fomula Sₙ = n/2[2a + (n − 1)d] ikukufikitsa pa n² + 2n − 120 = 0, ndipo n = 10. Mitu ndi itatu koma khomo lotulukira ndi limodzi, ndipo wophunzira amene sakhoza kwadiratiki amataya malikisi m'mitu yonseyi n'kumaganiza kuti vuto lake ndi malogarithimu.

Choncho Lolemba ndi Lachiwiri uchite kwadiratiki mwa njira zonse zitatu, kufakitoraiza, fomula ndi kukwaniritsa sikweya. Lachitatu likhale la mafulakishoni a alijebura ndi kusintha sabujekiti ya fomula, Lachinayi la maikweshoni awiriawiri onga oyamba aja pamodzi ndi mapolinomiyo, ndipo Lachisanu la maindekisi ndi malogarithimu.

Nthawi ya tsiku lililonse uigawe motere. Mphindi khumi zoyamba ubwereze funso limene unalakwa dzulo, osayang'ana yankho. Mphindi makumi awiri zotsatira uone chitsanzo chimodzi kapena ziwiri m'buku, kenaka utseke bukulo ndi kulemba mafunso a mayeso a m'mbuyomu a MANEB pa mutu womwewo kwa mphindi 45. Mphindi 15 zotsala ndi zochonga. Kutseka buku ndiye mtima wa nkhaniyi. Wophunzira amene amawerenga chitsanzo n'kumagwedeza mutu kuti wamva amangozindikira njira imene wina walemba, pomwe m'chipinda cha mayeso adzafunika kuitulutsa yekha pa pepala lopanda kanthu. Mutu uuyese kuti wauthana nawo ukakhoza mafunso anayi mwa asanu buku lili chitsekere. Ukakhoza awiri okha, uusungire mphindi khumi zoyamba za masiku atatu otsatira, koma ndondomeko ipitirire.

Sabata yachiwiri ndi ya mitu imene njira yake sisinthasintha, imene munthu akaigwira lero mawa amapeza nayo malikisi: mamatirikisi, maseti, AP ndi GP, variyeshoni, sitatisitikisi ndi purobabilite, kenaka magirafu ndi liniya purogiramingi. Mitu yoyambayo iwiri imakwana tsiku limodzi. Magirafu uwapatse masiku awiri athunthu, ndipo uwajambule pa pepala lenileni la girafu, masana kukuwala, chifukwa timizere tija sitioneka bwino pa nyali kapena pa tochi ya foni magetsi akathima. Pa girafu malikisi amatayika pa zinthu zazing'ono: kusatsata sikelo imene funso lapereka, kulumikiza madontho a kwadiratiki ndi rula m'malo mojambula mzere wokhota ndi dzanja, ndi kusokoneza mbali yodetsa. Pa liniya purogiramingi mafunso ambiri amati udetse mbali yosafunika, choncho uwerenge mawuwo kawiri usanagwire pensulo. Pa girafu ya liwiro ndi nthawi ukumbukire kuti mtunda woyendedwa ndi kukula kwa malo a pansi pa girafuyo.

Sabata yachitatu ndi ya jometiri ya seko pamodzi ndi matanjenti, tirigonometiri, zofanana maonekedwe, mavekita ndi jometiri ya makodineti. Ndaiika mochedwa chifukwa ndi mitu imene imadya nthawi yambiri pa malikisi omwewo, komanso tirigonometiri ndi makodineti zimatsamira pa alijebura ya sabata yoyamba. Pa seko, lemba malamulo onse a ngodya pa tsamba limodzi, lililonse ndi chithunzi chake, ndipo uzolowere kulemba chifukwa pambali pa mzere uliwonse wa yankho, pakuti wochonga amafuna kuona lamulo limene wagwiritsa ntchito, osati nambala yokha. Pa zofanana maonekedwe, ngati mbali zili 2 : 3, kukula kwa malo ndi 4 : 9 ndipo voliyumu ndi 8 : 27. Usanayambe tirigonometiri uyese kakyuleta yako polemba sin 30. Ikapereka 0.5 ili bwino, koma ikapereka −0.988 ndiye kuti wina anaisinthira ku RAD, ndipo uyenera kuibwezera ku DEG. Kakyuleta yobwereka kwa mnzako imabwera ndi vuto limeneli kawirikawiri, n'chifukwa chake mwezi uno uzigwiritsa ntchito yomwe udzalowe nayo m'mayeso.

M'sabata imeneyi ndikuloleza kusiya mutu umodzi, kapena iwiri ikachuluka. Aphunzitsi anzanga ena sagwirizana nane pamenepa, koma ine ndimaona kuti ngati mafunso a mapiramidi ndi ngodya za pakati pa mapuleni sunawamvepo kuyambira tsiku limene anaphunzitsidwa, maola atatu amene ungathere pamenepo angakupindulire kwambiri utawapereka ku magirafu. Chimene sungasiye ndi chilichonse cha m'sabata yoyamba. Zikachitika kuti wadwala kapena kwagwa maliro m'mudzi n'kutaya masiku awiri, uwadule m'sabata yachitatuyi, osakankha ndondomeko yonse mpaka kudya sabata yomaliza.

Loweruka lililonse ulembe pepala lathunthu la chaka china, wotchi ili patsogolo pako, kwa nthawi yeniyeni imene yalembedwa pachikuto, osadzuka kukasonkheza moto. Masamu ali ndi mapepala awiri, choncho uziwasinthanitsa, loyamba Loweruka lino, lachiwiri Loweruka linalo. Ugawe mphindi za pepalalo ndi malikisi ake kuti udziwe nthawi ya malikisi amodzi. Pa pepala la maola awiri la malikisi 100, funso la malikisi asanu lisapitirire mphindi zisanu ndi imodzi. Likakana, siya mpata n'kupita kutsogolo. Ukamaliza uchonge pamodzi ndi mnzako kapena upite nalo kwa aphunzitsi Lolemba, ndipo malikisi otayika uwagawenso m'magulu atatu aja. Ngati pofika Loweruka lachiwiri zophonya zatsika, ndondomeko ikugwira. Ngati sizinatsike, kawirikawiri chifukwa chake n'chakuti ukudumpha mizere powerengera m'mutu, ndiye uyambe kulemba sitepe iliyonse, zimenenso zimakupezetsa malikisi a njira ngakhale yankho lomaliza litalakwika.

M'sabata yachinayi musalowe mutu watsopano. Lolemba, Lachitatu ndi Lachisanu ulembe mafunso osakaniza motsata wotchi, ndipo masiku apakatiwo ukonze zimene walakwa, kuyambira ndi cholakwa chimene chabwera kawiri. Uyang'anenso tayimutebulo ya MANEB imene yaikidwa kusukulu kwanu, chifukwa masamu sakhala nthawi zonse pa tsiku loyamba la mayeso. Ngati pali masiku pakati pa kuyamba kwa mayeso ndi pepala la masamu, usunge theka la ola tsiku lililonse la mafunso atatu, limodzi la kwadiratiki, limodzi la girafu ndi limodzi la seko. Madzulo a tsiku lomaliza ungoyang'ana tsamba la malamulo a seko ndi mafomula, usongole mapensulo awiri, uike rula, kampasi ndi kakyuleta m'chikwama, n'kukagona.