Imelo yoyamba yopita kwa pulofesa wa kunja: musayambe ndi mbiri ya moyo wanu

"Ndinamaliza lisensiyatura ya zaulimi ku UniZambeze kuno ku Ulongwe, ndipo ndikufuna mesitiradu kunja. Ndalembera mapulofesa angapo kuti aziyang'anira kafukufuku wanga, koma onse ali zii. Ndilembe bwanji kuti andiyankhe?"

Achemwali, ndawerenga imelo munanditumizira ija. Ulemu ulimo wokwanira, koma munthu amafika ndime yachinayi asanadziwe chimene mukufuna kufufuza. Mwayamba ndi kumene munabadwira, mavuto a kusukulu, kenako mwati mukufuna kuphunzira "ulimi wa ku Mozambiki". Pulofesa amalandira makalata otere ambirimbiri, ndipo akaona kuti kalatayo ikanatha kupita kwa wina aliyense, amangoidumpha.

Chimene chimamuimitsa ndi funso lopapatiza. Munanditchulira kuti pomaliza maphunziro munalemba za mbatatesi ku Tsangano. Gwirani pomwepo. Chiwawu cha mbatatesi, chimene m'mabuku amati Phytophthora infestans, chimakonda malo ozizira ndi achinyezi ngati mapiri a ku Tsangano ndi Angoniya nthawi ya dzinja. Mankhwala ngati mankozebu amateteza tsamba lisanagwidwe, sachiza lomwe lada kale. Ndiye funso lanu likhoza kukhala ili: kodi alimi amene amapopera ataona kale mawanga pamasamba amataya zokolola zochuluka bwanji poyerekeza ndi amene amayamba msanga? Funso lotere pulofesa amaliona m'maso, amadziwa kuti likufuna minda ingati, nyengo zingati, ndi ndalama zotani.

Mutu wa imelo unene zomwezo mwachidule. Ngati mukulembera ku Britain kapena ku South Africa, ungakhale chonchi:

```
Prospective MSc student: potato late blight in Tsangano, Mozambique
```

Moni akhale wa udindo wake ndi dzina la bambo ake, `Dear Professor` kapena `Prezada Professora` ngati ndi mayi wa ku Brazil kapena ku Portugal. Ndipo chonde, kwathu kuno aliyense wa lisensiyatura timamuti dotolo, koma musasaine choncho. Kunja adzaganiza kuti muli ndi digiri ya udokotala, ndipo akatsegula mapepala anu adzayamba kukukayikirani.

Chiganizo choyamba chinene kuti ndinu ndani, munaphunzira kuti, ndipo mukufuna kuyamba liti. Magiredi muwamasulire. Mukangolemba 15, wa ku Britain sadziwa kuti kuno timawerengera pa 20 ndipo kukhoza kumayambira pa 10.

Pamene ambiri amagwa ndi pofotokoza chifukwa chomusankhira iyeyo. Kumuuza kuti ndi katswiri wotchuka sikuthandiza. Fufuzani dzina lake pa Google Scholar, musankhe pepala limodzi la zaka zaposachedwa, muliwerenge lonse osati chidule chokha. Kenako lembani ziganizo ziwiri: iye anapeza chiyani, ndipo funso lanu likulumikizana nazo pati. Mwina anayesa nthawi yopopera m'minda ya kafukufuku yokha, inu mukufuna kuona ngati zimenezo zimagwira m'minda ya alimi amene amagula mankhwala pang'onopang'ono pamsika. Mukapeza kuti mapepala ake a mbatatesi ndi akalekale, tsopano ali pa tirigu, musavutike kumulembera.

Musadzichepetse ngati mukupempha chithandizo chokha. Inunso muli ndi zimene iye alibe. Mumalankhula Chichewa ndi alimi popanda womasulira, mumadziwa alangizi, mumadziwa midzi imene galimoto silifika mvula ikagwa. Nenani zimenezo, ndipo mutchule kuti ntchito ya kumunda iyenera kugwa pakati pa Disembala ndi Malichi. Ku Britain chaka cha sukulu chimayamba Seputembala kapena Okutobala, choncho iye afunika adziwiretu kuti mudzabwerera kuno liti.

Za ndalama musabise. Mozambiki inalowa mu Commonwealth mu 1995, ndiye mukhoza kupempha thandizo la maphunziro la bungwelo. Ku Brazil kuli PEC-PG, thandizo la boma la kumeneko kwa ophunzira ochokera kunja. Tchulani imene mukufunsira ndi tsiku lotsekera, kuti aone chifukwa chake yankho lake likufunika msanga. Wa ku Brazil adzafunanso kuona Currículo Lattes yanu, mbiri ya maphunziro imene ofufuza a kumeneko amalemba pa intaneti, ndiye itseguleniretu.

Zonsezi zikwane pasikirini imodzi. Mumatepo mafayilo awiri a PDF, mbiri yanu ya maphunziro ndi tsamba limodzi la kafukufukuyo, osati zithunzi za satifiketi zojambula pafoni. Potsiriza mufunse chinthu chimodzi choyankhika: kodi akulandira ophunzira chaka chikubwerachi?

Akakhala chete sabata ziwiri, mukumbutseni kamodzi pa imelo yomweyo, kenako pitani kwa wina. Akayankha kuti ingofunsirani malo kudzera pa webusaiti ya yunivesite, nthawi zambiri ndiye kuti mesitiradu yawoyo ndi ya m'kalasi, woyang'anira amaperekedwa mutalowa kale. Koma akakufunsani kuti minda mudzaisankha bwanji, ameneyo wachita chidwi, ndipo mumuyankhe mawa lisanadutse.