38, 36 kapena 32? Manambala savotetsa

"Akuluakulu ndithandizeni, mayeso a bayokemisitiri ayandikira. Pa ATP wotuluka mu gulukosi mmodzi, masilaidi akuti 30 mpaka 32, buku la ku laibulale likuti 38, manotsi a mnzanga akuti 36. Ndikhulupirire ziti? Nanga chidule changa ndilembe m'kope kapena pafoni?"

Achemwali, za kope ndi foni ena ayankha. Ine ndikhala pa manambalawo, chifukwa anandigwetsapo.

Ena akuuzani kuti mungotenga 36 poti ili pakati, ena akuti mungoloweza za pasilaidi basi. Chonde musatero. Manambala onsewa ali ndi gwero lake, ndipo mukapeza gwerolo mkangano watha.

Yambani ndi pamene onse akugwirizana. Gulukosi mmodzi akaphwanyidwa mpaka kumapeto amapereka NADH 10, FADH2 awiri, ndi ATP anayi opangidwa pompopompo: awiri mu gilayikolisisi, awiri mu mzungulire wa Krebs. Lembani zimenezi pamwamba pa tsamba lanu. Chosiyana ndi mtengo umene aliyense akuika pa NADH ndi FADH2.

Mabuku akale ankati NADH mmodzi ndi ATP atatu, FADH2 ndi ATP awiri. Mukawerengera: 30 kuphatikiza 4 kuphatikiza 4, mupeza 38. Buku lanu laima pamenepo. Tsegulani kuseri kwa tsamba la mutu muone chaka chimene linasindikizidwa, chifukwa nthawi zambiri chakacho chimaulula zonse.

Silaidi yatenga mitengo yatsopano. NADH mmodzi amakankha mapulotoni 10, FADH2 amakankha 6, ndipo ATP mmodzi amadya mapulotoni pafupifupi anayi. Ndiye NADH ndi 2.5, FADH2 ndi 1.5. Werengeraninso: 25 kuphatikiza 3 kuphatikiza 4, ndi 32.

Nanga 36 ndi 30? Apa mpamene ambiri timasochera. NADH awiri a gilayikolisisi amapangidwa kunja kwa mitokondiriya, ndipo sangalowe mkati okha. Maelekitironi awo amachita kunyamulidwa. Njira ya maleti ndi asipateti, yofala m'chiwindi ndi mumtima, imawafikitsa mtengo wake uli wonse. Njira ya gilisero fosifeti, yofala m'minofu yoyendetsa mafupa ndi muubongo, imawapereka kwa FAD, choncho aliyense amataya ATP mmodzi. Chotsani awiri pa 38, mwapeza 36 ya mnzanuyo. Chotsani awiri pa 32, mwapeza 30 ya pasilaidi.

Choncho m'chidule chanu musalembe nambala yokhayokha. Lembani kuti 32 kapena 30 pa mitengo ya 2.5 ndi 1.5, kutengera njira yonyamulira; 38 kapena 36 pa mitengo yakale ya 3 ndi 2. Pambali pa nambala iliyonse ikani kumene mwaitenga, silaidi nambala yakuti, buku tsamba lakuti. Ikadzakukayikitsani usiku woti mawa mayeso, mudzadziwa kobwerera.

Chenjezo langa lalikulu lili pa manotsi a mnzanu. Ine chaka choyamba ndinajomba phunziro limeneli chifukwa cha malungo, ndiye ndinakopera kope la mnzanga wa m'chipinda. Iye analemba mitengo ya 2.5 ndi 1.5 kuchokera kwa aphunzitsi, koma chiwerengero chomaliza anachitenga m'buku, 38. Ndinaloweza zonse ziwiri osayesa kuwerengera ndekha. Pamayeso funso linati tisonyeze mawerengedwe. Masitepe anga anafika pa 32, pansi ine n'kulemba 38. Malikisi a funso lonse anapita, ndipo zinandiwawa kwambiri chifukwa ndinawerenga usiku wonse. Mnzangayo sananame ayi, anangosakaniza magwero awiri osalemba kuti ichi chachokera kuti. Kuyambira pamenepo manotsi a munthu ndimawagwiritsa ntchito pofuna kudziwa zimene aphunzitsi anatsindika pakamwa, koma nambala iliyonse ndimaiyesa ndi pensulo ndisanailowetse m'chidule.

Mukamaliza, pitani ndi pepalalo kwa aphunzitsi anu, poti ndi iwo adzachonge. Musafunse kuti yolondola ndi iti. Awonetseni mawerengedwe onse awiri, muwafunse kuti pamayeso akufuna mitengo iti. Mwina anena za pasilaidi, koma mumve kuchokera pakamwa pawo, makamaka ngati funso lidzakhale losankha yankho limodzi, pamene mulibe malo ofotokozera. Likakhala lolemba, yambani ndi kunena mitengo imene mwagwiritsa ntchito, kenako muwerengere.

Bukulo musachite fotokope mutu wonse. Mukufunika masamba awiri kapena atatu okha, pamene pali tebulo la mawerengedwe a ATP. Muwonjezere tsamba la chaka chosindikizira lija.