Tsekani akaunti nambala idakali m'manja mwanu

Abale anga ochokera ku Chipata, Katete ndi Petauke amene mwangofika kumene muno mu Blantyre, sabata yoyamba yomweyi mugula simu ya kuno ndi kutsegula Airtel Money kapena TNM Mpamba, chifukwa lendi, magetsi ndi malipiro a ganyu zimadutsa pa foni. Ambiri a ife timabwera kwa miyezi yowerengeka, ndiye ndi bwino kudziwiratu katsekedwe kake tsiku lobwerera lisanafike.

Ndalama zanu sizikhala m'foni. Akaunti imamangidwa pa nambala ndi pa chiphaso chimene analembetsera nambalayo. Mukafufuta apu, akaunti imakhalabe yotsegula kukampani. Imbani *211# pa Airtel kapena *444# pa TNM, muipeza ili pomwepo. Simu ikakhala nthawi yaitali osagwira ntchito, kampani imatha kupereka nambalayo kwa munthu wina. Ngati banki yanu imatumizabe mauthenga ndi manambala achinsinsi otsimikizira ku nambala imeneyo, adzafika kwa mlendo. Simu ya kumudzi ya +260 imene mwaiponya m'chikwama ili pa ngozi yomweyo.

N'chifukwa chake ndikukupemphani, lembetsani simu ndi pasipoti yanu. Alandilodi kapena mnzanu wa kuntchito akakuuzani kuti "ingogwiritsani ntchito yanga ina ija", thokozani koma kanani. Tsiku lotseka, kampani imamvera mwini chiphaso yekha, ndipo ngati iyeyo wasamukira ku Mzuzu, inu mulibe ponena.

Tiyerekeze kuti mumagwira ntchito m'shopu ku Limbe, kontirakiti yatha, ndipo m'foni muli K185,000. Yambani masabata awiri ulendo usanafike. Choyamba ndi ngongole ya pa foni ngati munatengapo, pakuti akaunti yokhala ndi ngongole savomera kuitseka. Tinene kuti ndi K15,000, kwatsala K170,000. Uzani abwana ndi a banki m'khonde kuti asatumizenso kanthu pa nambalayo, ndipo dikirani malipiro omaliza alowe. Kenako katapeni kwa ejenti, pokumbukira kuti kutapa kuli ndi mtengo wake umene umadulidwa pa ndalama zomwezo, choncho K170,000 yonse siingatuluke. Zotsala pang'onozo gulirani mayunitsi a ESCOM a nyumba imene mukusiya, akaunti ifike pa ziro.

Mukatero pitani ku ofesi yeniyeni ya kampaniyo mutatenga pasipoti ndi simu. Ejenti wa pa kambulera m'mbali mwa msewu amaika ndi kutapitsa ndalama, koma satseka akaunti. Pemphani sitetimenti kaye, chifukwa ikatsekedwa kuipeza kumavuta, kenako nenani momveka kuti mukufuna akaunti itsekedwe, ndipo akupatseni umboni, kaya pepala kaya uthenga. Patapita masiku angapo, mnzanu ayese kukutumizirani ndalama koma asalowetse pini. Dzina lanu likatulukabe, bwererani ku ofesi.

Kubanki kuli msampha wina. Kuzimitsa njira yolowera pa apu kapena pa foni, monga Mo626 ya National Bank, sikutseka akaunti ya banki. Akauntiyo imapitiriza kudulidwa ndalama za pamwezi ngati ndi ya mtundu wotero. Pitani ku nthambi, lembani fomu kapena kalata, imitsani malipiro onse odzichotsera okha mwezi ndi mwezi, ndipo awuzeni achotse nambala ya foni imene munalumikiza. Ngati akauntiyo mukuisunga, sinthani nambala ndi imelo simu yakale idakali yamoyo, popeza nambala yotsimikizira kusinthako nthawi zambiri imapita ku simu yakaleyo.

Foni ibwere pamapeto. Muli mkati mwa apu, fufutani mndandanda wa anthu amene mumawatumizira ndalama ndi makadi osungidwa, zimitsani kulowa ndi chala, ndipo dinani Log out. Pa Android pitani ku Settings, Apps, sankhani apuyo, Storage, kenako Clear data. Clear cache yokha imasiya zolowera zanu zili chikhalire. Pa iPhone sankhani Delete App, chifukwa Offload App imasunga zonse za mkati. Mawu achinsinsi amene foni ya Android inasunga ali ku passwords.google.com, ndipo khadi limene munalipirira zinthu pa intaneti lingakhale likadali mu Google Play pansi pa Payments & subscriptions. Musaiwale kufufuta mauthenga a banki ndi chithunzi cha pasipoti chimene munajambula polembetsa.

Ngati foniyo mukukaigulitsa mumsika wa Limbe kuti mupeze thiransipoti yofikira ku Mchinji, tulutsani simu ndi memore khadi, chotsani akaunti ya Google, chitani Factory reset muli kunyumba, ndipo muiyatsenso kuti muone ndi maso anu kuti yayera musanaipereke kwa wogula.