Kiyibodi ikukumbukira mawu ndi maemoji a mwana wanga

"Foni yanga ikumandipatsa maemoji ndi mawu achilendo chigwiritsireni ntchito mwana wanga. Ndingafufute bwanji?"

Achimwene, pali zinthu ziwiri apa. Mukalemba "pizza" n'kutulukira kachithunzi ka chakudyacho, si mwanayo: kiyibodi imabwera kale ndi mndandanda wolumikiza mawu ndi maemoji, molingana ndi chilankhulo chomwe mwasankha. N'chifukwa chake kiyibodi ya Chingerezi siitulutsa kanthu mukalemba "moto", pomwe "fire" imatulutsa lawi.

Chomwe imaphunzira ndi mawu amene mumalemba mobwerezabwereza ndi maemoji amene mumadina kawirikawiri. Izi ndiye zofufutika.

Ngati ndi Gboard, kiyibodi ya Google, ndipo mawu ovutawo ndi ochepa, ingodinani mawuwo pamzere wapamwamba osachotsa chala, n'kuwakokera ku kabini kamene katulukire. Ine ndingayambe ndi njira imeneyi. Kuti muchotse zonse, lowani mu Settings ya Gboard, mupeze "Delete learned words and data" pansi pa Privacy kapena Advanced, mulembe nambala yomwe ikuonetseni.

Pa iPhone: Settings > General > Transfer or Reset iPhone > Reset > Reset Keyboard Dictionary.

Koma dziwani kuti mawu onse a Chichewa amene inaphunzira apitira limodzi, ndipo iyambanso kukusinthirani mawu mpaka izolowerenso.