Yambirani pa imelo, zinazo zibwere pambuyo

"Anzanga ndithandizeni, ndalandira uthenga kuchokera ku webusayiti ina yofunsira ntchito woti akuba analowa m'makompyuta awo n'kutenga maimelo ndi mapasiwedi a anthu, anga alimo. Ndiyambe kusintha iti? Nanga ndidziwa bwanji kuti zanga zafika pati?"

Achimwene choyamba musadine linki iliyonse ya mu uthengawo, ngakhale ukuoneka weniweni bwanji, chifukwa nkhani ngati iyi ikangomveka pamabwera akathyali ena otumiza mauthenga abodza oti "dinani apa musinthe pasiwedi" ndiye mumakhala mukuwapatsa nokha. Tsegulani webusayitiyo polemba adiresi yake ndi dzanja lanu.

Koma musanapite kumeneko dzifunseni moona mtima, pasiwedi yabedwayo munaigwiritsanso ntchito kuti? Wakubayo alibe nayo ntchito akaunti yanu yofunsira ntchito. Amatenga imelo ndi pasiwediyo n'kuziyika mu pulogalamu yomwe imayesa yokha pa Gmail, Facebook ndi malo ena ambirimbiri, pomwe yatsegula ndi pompo.

Ndiye yoyamba kusintha ndi ya imelo, ngakhale siinabedwe iyo. Mukadina "Forgot password" pa Facebook kapena kwina kulikonse linki kapena khodi nthawi zambiri imapita ku imelo, ndiye amene wagwira imelo wagwira zonse. Mchemwali wanga zinamuonekera chaka chatha, anali ndi pasiwedi imodzi, dzina la mwana wake kuphatikiza chaka chobadwa, paliponse yomweyo. Anathamangira kusintha ya shopu ya pa intaneti yomwe inamutumizira uthenga, imelo anaisiya. Patatha masiku atatu makasitomala ake a zitenje akumuimbira kuti nanga bwanji mukupempha ndalama pa Facebook. Titakhala pansi pa laputopu tinapeza kuti munthuyo sanasinthe n'komwe pasiwedi ya imelo, anangotchera kuti makalata onse azipitanso ku adiresi ina yachilendo, mwini wake osadziwa kanthu.

N'chifukwa chake kusintha kokha sikukwanira. Ngati ndi Gmail tsegulani pa kompyuta, pa apu ya pafoni izi sizioneka, pitani ku Settings muone "Forwarding and POP/IMAP" komanso "Filters and Blocked Addresses", chomwe simunaikepo inu chotsani. Kenako pa myaccount.google.com/security onani "Your devices", foni yomwe simukuidziwa itulutseni, muonenso ngati nambala ndi imelo zobwezera akaunti zikadali zanu. Pomwepo yatsani "2-Step Verification", kuti wolowa azifunika kutsimikiza ndi foni yanu kuwonjezera pa pasiwedi.

Mukatha apo sinthani kulikonse kokhudza ndalama, apu ya banki makamaka ngati pasiwedi ikufanana, kenako Facebook ndi zina, webusayiti yabedwayo ikhoza kudikira mphindi makumi atatu palibe vuto. Ndipo kuwonjezera 1 kumapeto kapena kusintha 2019 kukhala 2020 si kusintha ayi, mapulogalamu awo amayesa zimenezo. Lumikizani mawu anayi kapena asanu osagwirizana, akaunti iliyonse yakeyake, kuzilemba mu kope n'kubisa kunyumba kuli bwino kusiyana ndi kubwereza imodzi.

Za kuona pomwe zafika, pitani pa haveibeenpwned.com, ndi yaulere, anayambitsa Troy Hunt wa ku Australia mu 2013. Mumangolemba imelo basi, imakuonetsani malo omwe anabedwa ndipo imelo yanu inapezekamo. Musangoona mayina a makampani, werengani mzere wa "Compromised data" chifukwa ndi womwe umanena ngati anatenga imelo yokha kapena ndi pasiwedi, nambala ya foni ndi tsiku lobadwa zomwe. Yesani maimelo anu onse, ndi ya Yahoo ya kusukulu ija. Dinaninso "Notify Me" kuti azikudziwitsani. Ngati mumasunga mapasiwedi mu Chrome, pa passwords.google.com pali "Password Checkup" yomwe imakuuzani omwe anatuluka ndi omwe munabwereza, iyi imathandiza kwambiri poti ambirife sitikumbukira komwe tinalembetsa.

Koma haveibeenpwned ikanena kuti simunapezeke musavine msanga, imadziwa zokhazo zomwe zinatulukira poyera. LinkedIn inabedwa mu 2012, nthawi imeneyo anaona mapasiwedi pafupifupi 6.5 miliyoni, koma mu 2016 ndi pomwe zinadziwika kuti maakaunti anali opitirira 100 miliyoni. Inu kampani yakuuzani kale, ingotengani kuti pasiwediyo yapita.

Ngati nambala ya foni inatengedwanso yembekezerani mafoni a anthu okutchulani dzina lonse bwinobwino, akuti ndife a ku banki kapena a Mpamba kaya Airtel Money, tiuzeni pini kapena khodi yomwe yabwera pa meseji. Dulani. Khodi ya manambala 6 ya WhatsApp musapatse munthu olo akhale abusa anu, ndipo usiku uno lowani mu Settings, Account, "Two-step verification" muyike pini yanu.