Fayilo youma mukangolemba nambala imodzi

"Anzanga ndithandizeni. Fayilo yanga ya Excel ya katundu wa mushopu kuno ku Salima ikumauma ndikangolemba nambala imodzi, pansi n'kumalemba Calculating mpaka kalekale. Kodi ndingogula laputopu ina?"

Achimwene, musagule! Ndalamazo sungani. Ife kuno ku Nkhotakota tinagula laputopu yatsopano chifukwa cha nkhani yomweyi, fayilo n'kumaumabe ngati kale, ndipo mpaka lero ndikakumbukira mtima umandiwawa.

Ine ndimasunga mabuku a kopaletivi ya alimi a mpunga. Fayilo yathu anatipangira ndi katswiri wina amene anabwera ndi a pulojekiti kuchokera ku Lilongwe, anagona ku loji ya kunyanja sabata yathunthu, n'kutisiyira chinthu chokongola, mitundumitundu, mitu yobiriwira, mizere yonse ya malire. Titayamba kugula mpunga m'mwezi wa Meyi inkayenda bwinobwino. Pofika Julayi, tsiku lolipira alimi, ndi pomwe inationetsa zakuda. Anthu anali atafika m'mamawa, ena pa njinga kuchokera kutali, atakhala pansi pa mtengo wa mango mwera ukuwomba. Magetsi anali atazima, batire ya laputopu ili pa 40%. Ndikalemba makilogalamu a mlimi mmodzi n'kudina Enter, kachizindikiro kaja n'kuyamba kuzungulira, pansi Calculating (4 Threads) 3%, 7%, 11%, fani ikulira, pamwamba Not Responding. Mphindi yathunthu kapena kuposa, pa nambala imodzi. Apampando aima kumbuyo kwanga akupumira m'khosi. Bambo wina panja anakuwa kuti alembi akuchedwetsa dala kuti adye ndalama zathu. Ine! Munthu woti sindinadye ngakhale phala tsikulo.

Tinamuimbira katswiri uja. Anayankha ali pa msonkhano, n'kungoti pitani pa Formulas, Calculation Options, musankhe Manual, basi, n'kudula foni. Inathamangadi. Koma sanatiuze kuti mukaika Manual mafomula amasiya kuwerengera mpaka mutadina F9. Ndiye tinkalemba matumba atsopano, chiwerengero cha pa shiti ya malipiro chili chakale. Mayi wina wachikulire amene anabweretsa matumba ena m'mawa womwewo tinamupatsa ndalama zopelewera. Anawerenga kawiri, osayankhula, n'kumanga pa nsonga ya chitenje, n'kupita. Anabweranso mawa lake ndi mwana wake wamwamuna ndiponso nyakwawa. Zomwe ndinamva tsiku limenelo sindingalembe muno. Katswiri uja ndalama zake anali atalandira kale zonse, ndipo kuyambira pamenepo foni yathu samayankhanso. Anthu oterewa amadziwa kukongoletsa fayilo pa tsiku loonetsa mabwana, mkati muli mizere khumi yoyesera, koma sadzakhalapo mizere ikafika masauzande.

Nditakhala nayo pansi usiku ndinapeza kuti matenda anali atatu, ndipo ankathandizana. Ndikufotokozerani momwe anakhalira kwathu, inu mukayang'ane ngati kwanu n'chimodzimodzi.

Excel mwachibadwa siwerengera fayilo yonse mukasintha selo imodzi. Imangowerengera mafomula amene akudalira selo mwasinthayo. Koma pali mafomula ena osakhazikika, amene imawawerengeranso nthawi iliyonse mukasintha chilichonse, kulikonse, ngakhale pa shiti ina: TODAY, NOW, RAND, RANDBETWEEN, OFFSET ndi INDIRECT. Pawokha ndi opepuka, TODAY imodzi singaumitse kompyuta. Vuto ndi loti fomula iliyonse imene ikuwerenga selo ya TODAY nayonso imawerengedwanso, ngakhale tsikulo silinasinthe, ndipo zodalira fomula imeneyo nazonso chimodzimodzi, mpaka kumapeto kwa unyolo.

Kwathu katswiri anaika `=TODAY()` mu B1 pa shiti ya malipiro, kaselo kamodzi pakona. Pansi pake panali alimi 350, aliyense ndi makolamu anayi a miyezi, Meyi mpaka Ogasiti. Ndiye kuti mafomula 1,400, ndipo iliyonse inali yotere:

```
=SUMPRODUCT(--(Zogula!A:A=$A5),--(Zogula!B:B<=$B$1),--(Zogula!C:C=D$3),Zogula!E:E)
```

Mukuiona $B$1 ili pakatipo? Ndi chingwe chimene chinkadzutsa onse 1,400 ndikangokhudza chilichonse, ngakhale kukonza dzina la mudzi pa shiti ina.

Tsopano onani A:A, B:B, C:C ndi E:E. Kulemba choncho ndi kunena kolamu yonse, ndipo kolamu imodzi ya Excel ili ndi mizere 1,048,576. Ife zogula zathu zonse zinali mizere pafupifupi 6,000. SUMPRODUCT ilibe nzeru yoima pomwe zolemba zathera, imafunsa selo iliyonse mpaka pansi penipeni, zopanda kanthu zomwe. Makolamu anayi pa fomula imodzi ndi maselo oposa 4 miliyoni. Chulukitsani ndi 1,400, mupeza maselo pafupifupi 6 biliyoni, pa Enter mmodzi. Zili ngati kutuma mwana kukafunsa khomo lililonse kuyambira pa boma mpaka ku Dwangwa kuti apeze munthu amene wakhala pakhonde panu. Laputopu yatsopano ingangochepetsako pang'ono, ntchitoyo ndi yomweyo.

Kuti mudziwe ngati zili choncho kwanu, yambani mwakopera fayilo, muzigwira pa kope, yeniyeniyo musaikhudze. Dinani Ctrl+F, kenako Options, pa Within musankhe Workbook, pa Look in musankhe Formulas. Lembani `TODAY(` n'kudina Find All, muona mndandanda wa maselo onse. Bwerezani ndi `NOW(`, `OFFSET(`, `INDIRECT(` ndi `RAND`. Musaiwale Ctrl+F3, yomwe imatsegula Name Manager, chifukwa akatswiriwa amakonda kubisa OFFSET m'mayina ndipo Ctrl+F siipeza kumeneko. Mukapeza selo yokayikitsa, imani pomwepo, pitani pa Formulas mudine Trace Dependents. Mivi ikatuluka yochuluka mpaka shiti kuda, mwamugwira. Kuyesa kwake n'kosavuta: pa selo ya TODAY fufutani fomula, dinani Ctrl+; kuti ilembe tsiku la lero ngati nambala wamba, kenako lembani chilichonse mu selo yopanda kanthu kutali ndi matebulo. Ikapanda kuuma, ndiye kuti gwero linali limenelo.

Koma musasangalale msanga. Ine nditachotsa TODAY, kulemba pa mashiti ena kunapepuka, koma ndikalemba mzere watsopano pa shiti ya Zogula inkaumabe, chifukwa mafomula onse aja amadalira makolamu amenewo, ndiye ayenera kuwerengedwa ndithu. Apa mankhwala ndi kusintha fomula yeniyeniyo:

```
=SUMIFS(Zogula!E:E,Zogula!A:A,$A5,Zogula!B:B,"<="&$B$1,Zogula!C:C,D$3)
```

Yankho ndi lomwelo, kwacha pa kwacha, ndinayerekeza alimi onse. Inde ndikudziwa, makolamu athunthu alimobe, pomwe ndangowanyoza kumene. Kusiyana kwake n'koti SUMIFS, SUMIF ndi COUNTIFS zimaima pa mzere womaliza umene Excel ikuuona kuti ukugwiritsidwa ntchito, sizipitirira mpaka pansi. Ngati fomula yanu singatheke popanda SUMPRODUCT, ipatseni malire, monga A2:A10000, kapena sandutsani zolembazo kukhala tebulo ndi Ctrl+T kuti malire azikula okha mukamaonjezera. Kuopsa kwa malire olemba pamanja n'koti tsiku limene mudzadutse mzere wa 10,000 fomula sidzadandaula, idzangosiya kuwerenga zapansizo mwakachetechete, ndiye tebulo ndi yabwino kuposa. OFFSET nthawi zambiri imalowedwa m'malo ndi INDEX, yomwe siwerengedwa pa kusintha kulikonse.

Mawu oti "mzere womaliza umene Excel ikuuona" ndi pomwe panabisala matenda achitatu. Pa shiti iliyonse dinani Ctrl+End muone komwe ikakuponyeni. Ine zolemba zinathera cha pa 6,000, koma inandiponya kupitirira mzere wa 600,000. Katswiri uja anajambula malire ndi mitundu pa maselo opanda kanthu mpaka kumeneko, ati kukonzekera zam'tsogolo. Selo yopanda kanthu koma yopakidwa mtundu Excel imaisunga ngati selo yeniyeni, n'chifukwa chake fayilo ya mizere yochepa chonchi inali 38 MB, yokanika kutumiza ndi bandulo yathu. Ndipo ngakhale SUMIFS imavutika pamenepo, poti dera loyendamo lakula.

Kukonza kwake, dinani pa nambala ya mzere woyamba wopanda kanthu pansi pa zolemba zanu, kenako Ctrl+Shift ndi muvi wolozera pansi, dinani kumanja kwa mbewa musankhe Delete. Osati batani la Delete la pa kiyibodi, limenelo limangofufuta zolemba, mitundu n'kutsala. Chitaninso chimodzimodzi ndi makolamu a kumanja. Musanafufute yang'anani ngati wina sanabise kanthu pansipo, kwathu kunalibe koma ndinaonapo fayilo ina yokhala ndi mitengo yobisidwa kutali. Mukatero sevani, tsekani, tsegulaninso, mudinenso Ctrl+End. Yathu inatsika kufika pochepera 1 MB.

Kenako pitani pa Home, Conditional Formatting, Manage Rules, pamwamba musankhe This Worksheet. Lamulo linali limodzi, lofiiritsa mlimi amene ali ndi ngongole ya mbewu, koma chifukwa chokopera ndi kumata mizere tsiku ndi tsiku linali litaswana kukhala malamulo mazanamazana, lililonse la timizere tiwiri titatu. Amenewa amalemetsa makamaka mukamatsika ndi kukwera pa shiti. Fufutani onse, muike limodzi pa dera lonse, ndipo pomata muzisankha Paste Special, Values, kuti asaswanenso.

Za Manual zija, ngakhale zinandinyozetsa pamaso pa nyakwawa, ndikuti yambani ndi zomwezo. Popanda kutero simukonza kanthu, fomula iliyonse mukaisintha muzidikira mphindi, ndipo pofufuta mizere ija ikhoza kuuma osadzukanso. Ikani Manual pa kope lanulo, konzani zonse, dinani F9 muone nthawi imene itenge, kenako bwezerani pa Automatic musanaseve komaliza. Chenjerani, Excel imatengera Manual kapena Automatic pa fayilo imene mwayamba kutsegula, n'kuigwiritsa ntchito pa mafayilo ena onse amene mutsegule pambuyo pake, ndiye fayilo imodzi yosevedwa pa Manual ikhoza kuimitsa masamu a malipiro a antchito anu osadziwa. Mukaona mawu oti Calculate pansi kumanzere, dziwani kuti manambala mukuwaonawo ndi akale, musapereke ndalama kwa munthu.

Ndipo TODAY ine ndinadzaibwezera, apampando ankaiwala kusintha tsiku m'mawa. Ndi SUMIFS pa mizere 6,000 sikumvekanso kulemera. Inu yambani ndi Ctrl+End pa shiti ya katundu, mutiuze nambala ya mzere umene ikuponyeni ndi kukula kwa fayilo, komanso mukopere fomula imodzi ya pa shiti ya zotsala muiike muno tiione.