Mafomu akusowa netiweki ikabwera

"Anzanga, tikafika pa netiweki pulogalamu imanena kuti zonse zatumizidwa, koma mu detabesi mafomu ndi ochepa kuposa amene tinadzaza. Akulowera kuti?"

Musafufute kalikonse m'mafoniwo, chonde, auzeni anzanu onse lero lomwe. Mukatero mufunse amene anapanga pulogalamuyo kuti nambala ya fomu imachokera kuti.

Ife tinapsa nazo zimenezi. Mkulu amene anatipangira yathu anakonza zoti foni iliyonse iziwerenga payokha, 1, 2, 3, ndipo seva inkazindikira fomu ndi nambala yomweyo. Ndiye foni yanga ili ndi fomu 14, ya mnzanga nayonso ili ndi 14 yake, ya banja lina. Ine kutumiza, yalowa. Iye kutumiza, seva ikuyesa kuti akukonza 14 yakale ija, n'kulemba pamwamba. Mafoni onse awiri akuonetsa kuti zatheka, palibe chodandaula. Nditatsegula fomu imene ndinadzaza ndi manja angawa, ya agogo okhala okha, ndinapezamo ana asanu ndi dzina la bambo amene sindinawaonepo. Mtima unangoti phwii. Kuthamangira pafoni, mulibe, poti pulogalamuyo inkafufuta fomu ikangotumizidwa, ati kusunga malo. Kumuimbira mkuluyo, akuti vuto ndi netiweki. Netiweki yake iti yolemba ana a eni pa fomu ya agogo? Mpaka lero sanapepese.

Kuti mudziwe ngati vuto lanu ndi lomweli, werengani. Foni ina ikadzaza 40, ina 35, muyenera kupeza 75. Mukapeza 40, yofanana ndi foni imene inadzaza ambiri, ndi matenda omwewo.

Mankhwala ake, fomu iliyonse ibadwe ndi `UUID` yake, nambala yaitali yosafanana ndi ya fomu ina iliyonse, pafoni pomwepo, isanaone netiweki. Pulogalamu yodzazira mafomu pafoni ya ODK Collect imatero kale, ndi chija chimalembedwa `instanceID`. Ku seva, ngati ndi PostgreSQL, gawo la `uuid` likhale `UNIQUE`, kenako:

```sql
INSERT INTO mafomu (uuid, deta)
VALUES ($1, $2)
ON CONFLICT (uuid) DO NOTHING;
```

Zimenezi zimatchingiranso vuto lina. Seva ikalandira fomu, netiweki n'kuduka yankho lisanabwerere, foni imatumizanso, koma yachiwiriyo siilowa. Fomu yokonzedwa pambuyo pake ndi nkhani ina, muipatse njira yakeyake, apo ayi mzere umenewu udzaikana mwakachetechete.

Ine "zatumizidwa" ya pafoni sindiikhulupiriranso, ndimafuna ndione chiwerengero ku seva chikugwirizana ndi cha aliyense wodzaza. Komabe zoti foni izitumiza yokha mafomu ikapeza netiweki musazimitse. Inde, ndi zimene zinatimaliza ife msanga, koma foni ikabedwa kapena kugwera m'madzi ili ndi mafomu a sabata yathunthu, mudzalira kuposa ine.